Timayeso ta tsiku loyamba mu Sitandade 5

Pa zonse zimene ndaphunzira pa ntchito ya uphunzitsi kuno ku Mangochi, chimene chandithandiza kwambiri ndi timayeso ta tsiku loyamba la teremu. Ndimalemba mafunso a masamu asanu ndi atatu okha pa bolodi, ana n'kuyankha m'mphindi 15. Mafunsowo ndimawatenga pa ntchito ya Sitandade 4, chifukwa ndikufuna kudziwa ngati ana ali nazo zimene phunziro latsopano lidzafuna.

Funso labwino ndi lija limene ngakhale yankho lolakwa limakuuza kanthu. Limene ndimalidalira ndi 402 − 178, yankho lake 224. Mwana akalemba 376, ndiye kuti paliponse akuchotsa nambala yaing'ono pa yaikulu: 2 pa 8, 0 pa 7, 1 pa 4. Ameneyu kubwereka sanakumvetse n'komwe, ndipo ayenera kubwerera ku mitolo ya timitengo khumikhumi kuti amasule mtolo ndi manja ake. Wolemba 234 amadziwa kubwereka, kungoti ziro ija itasanduka 10 anaiwala kuti yabwereketsanso n'kutsala 9. Wolemba 324 anakumbukira 9, koma 4 uja sanamutsitse kukhala 3. Awiri omalizawa zitsanzo zochepa pa bolodi zimawakwanira. Mphunzitsi akangochonga n'kulemba malikisi, ana atatu onsewa amaoneka ofanana, ndipo zimandiwawa kuona woyamba uja akupitirira chaka chonse osathandizidwa.

Funso limodzi silokwanira, poti mwana atha kungophonya chifukwa chothamanga. N'chifukwa chake ndimaika linzake, 503 − 267. Amene analemba 376 akalembanso 364 m'malo mwa 236, ndimadziwa kuti ndi mmene amawerengera masiku onse.

Kuno palinso nkhani ya chilankhulo. Ana ambiri kwawo amalankhula Chiyao, pamene buku la masamu la kalasi imeneyi lili m'Chingerezi. Choncho samu yomwe ija ndimaibisanso m'kankhani ka Chingerezi: msodzi anapha chambo 402, wagulitsa 178, zatsala zingati? Wokhoza ya manambala koma n'kulephera ya mawu ndimamuitana n'kumufunsa pakamwa m'Chichewa kapena m'Chiyao. Akayankha bwino, ndiye kuti masamu ali nawo, chamutchinga ndi Chingerezi.

Chimene chimaononga timayesoti ndi mantha. Ana akamva zoti mayeso amayamba kuonerana, ndipo umazindikira poona mzere wonse walemba yankho lolakwa lofanana popanda njira yake. Ine ndimawauziratu kuti malikisi palibe, aliyense aonetse njira, ndipo chimene sakuchidziwa alembe kuti "sindikudziwa".

Ndikaweruka ndimaunjika makope molingana ndi mtundu wa cholakwa. Mulu wa 376 ukakula kuposa ina, sabata yoyamba ya sikimu yanga imasintha, timayamba ndi mitolo ya timitengo tisanatsegule buku la Sitandade 5.