Nyemba zofiira: kuviika kuli ndi ntchito yake, moto ulinso ndi yake

Ndinadwalapo nyemba zofiira kamodzi, ndipo wolakwa ndinali ine ndemwe. Ndinaziviika usiku wonse, m'mawa ndinazitereka pamoto wochepa kuti zizipsa pang'onopang'ono ine ndikugwira zina. Mphika unkangofuka nthunzi, osabwata. Titadya, zina zinkamveka kanjere pakati. Pasanathe maola awiri nseru inayamba, kenako kusanza kosalekeza, pambuyo pake kutsegula m'mimba. Pofika madzulo ndinali nditapeza bwino, koma wofooka kwambiri.

Ndinkaganiza kuti nyemba ukaziviika wathana nazo. Ayi ndithu. Mavuto ndi awiri osiyana.

Kuviika kumathandiza pa mpweya wa m'mimba. Nyemba zili ndi mitundu ina ya shuga, monga rafinozi, imene thupi lathu silitha kugaya. Imadutsa yathunthu mpaka m'matumbo aakulu, kumene mabakiteriya amaidya n'kumatulutsa mpweya, mimba n'kuyamba kutupa ndi kulira. Mwayi wake, shuga ameneyu amasungunuka m'madzi. Ndiye masiku ano ndimasankha nyemba, kuzitsuka, n'kuthira makapu atatu a madzi pa kapu iliyonse ya nyemba, chifukwa zimafufuma kwambiri. Zimagona m'madzimo maola 8 mpaka 12. Kukacha madzi aja ndimataya onse, nditsukenso, n'kuthira atsopano. Mukaphikira madzi oviikira aja, mwabweza mumphika zomwe mumafuna kuchotsa. Mpweya sutheratu, koma umachepa.

Chomwe chinandigwetsa ine n'china. M'nyemba muli puloteni yotchedwa lekitini, ndipo zofiira zili nayo yambiri kuposa zinzake. Imakakamira kukhoma la matumbo n'kulipweteka. Nyemba 4 kapena 5 zokha zaziwisi zimatha kudwalitsa munthu, ndipo zizindikiro zimabwera pakati pa ola limodzi ndi maola atatu. Kuviika sikuthetsa lekitini, kutentha kwa madigiri 75 kapena 80 nakonso sikukwanira. N'chifukwa chake mapoto amagetsi ophika pang'onopang'ono amapusitsa anthu ambiri.

Tsopano ndimayamba ndi moto waukulu. Ndimadikira mpaka madzi abwate kwenikweni, nyemba zizigubuduzika zokha, pamenepo m'pamene ndimayang'ana nthawi, osati pomwe ndinatereka. Mphindi 10 ndiye malire apansi, koma ine ndimafikitsa 30 kuti mtima ukhale pansi. Thovu lapamwamba ndimayengula. Zikatero ndimachepetsa moto, zizipsa mpaka zifewe, ndipo zikafuna madzi ndimathira otentha kuti mphika usazizire. Tomato ndi zowawasa zimalowa kumapeto, chifukwa zikafulumira nyemba zimakanika kufewa.

Ndisanaphule ndimatapa zingapo m'malo osiyanasiyana mumphika n'kuzifinya ndi zala. Yopsa imaphwanyika yonse ngati phala. Ngakhale imodzi ikakhala yolimba kapena youma pakati, ndimavindikiranso, ngakhale ana atakhala kale pansi ndi mbale zawo.