Chipatala cha 10,000 chomwe chimadya 400 sabata iliyonse

Teremu ino m'kalasi la akaunti tinafika pa mutu wa ndalama zogulira katundu wokhalitsa ndi ndalama zoyendetsera ntchito tsiku ndi tsiku. Ndinalemba manotsi, mayeso ndinakhoza, koma mutuwo unandilowa bwinobwino usiku wina kwathu ku Kapata, mumzinda wa Chipata, nditagwetsa tauni yanga yachitatu mu Cities: Skylines pa laputopu yakale ya achimwene anga.

Masewerawa anatuluka mu 2015, anapangidwa ndi kampani ya ku Finland yotchedwa Colossal Order. Amakupatsa malo opanda kanthu, msewu waukulu wodutsa pafupi, ndi ndalama 70,000. Iwe umalambula misewu, kugawa malo a nyumba, a masitolo ndi a mafakitale, anthu n'kumabwera okha kudzamanga ndi kulipira msonkho. Pansi pa sikirini pali manambala awiri oyandikana. Lalikulu ndi ndalama zomwe uli nazo m'thumba. Laling'ono, lobiriwira kapena lofiira, ndi zomwe ukupindula kapena kutaya pa sabata. Matauni anga atatu onse anafa chifukwa maso anga anali pa nambala lalikulu.

Nditayambanso kachinayi ndinatenga buku langa la akaunti n'kujambula mzere pakati pa tsamba. Kumanzere mtengo womangira, kumanja zolipira pa sabata. Malo opangira magetsi a malasha: 19,000 kumanzere, 560 kumanja. Pampu yotunga madzi mumtsinje: 2,500 ndi 240. Paipi yotayira madzi oipa: 2,500 ndi 320. Munthu ndi mmodzi yemwe asanasamukiremo, ndinali nditadzimangirira kale 1,120 sabata iliyonse, misewu ndi mapaipi osawerengera, pakuti nazonso zili ndi kangachepe kake pa sabata.

Msampha weniweni umabwera anthu akachuluka. Tauni ikafika pa gawo lotchedwa Little Hamlet, masewera amakutsegulira chipatala, sukulu ndi malo otayira zinyalala, n'kukuponyera ndalama zamphatso m'thumba. Ikafika pa Worthy Village amatsegula polisi ndi ozimitsa moto, ndi mphatso inanso. Thumba limaoneka lonenepa, ndiye dzanja limayabwa. Chipatala ndi 10,000, sukulu 10,000, ndalama zilipo, bwanji osamanga zonse lero? Koma kumanja kwa tsamba chipatala chikudya 400, sukulu 160, malo a zinyalala 160, polisi 480, ozimitsa moto 560. Pamodzi 1,760. Kuphatikiza ndi zija zoyamba, 2,880 pa sabata. Mphatso ija imabwera kamodzi n'kutha, pomwe 2,880 imabwera sabata ino, yamawa, mpaka kalekale.

Ndinakumbukira chigayo cha amalume ku Katete. Anagula ndi ndalama za thonje, mudzi wonse unasangalala, koma chomwe chimawasowetsa tulo mpaka lero ndi dizilo, malamba ndi malipiro a mnyamata wogayitsa. Za mtengo wogulira chigayocho sazitchulanso n'komwe.

Chomwe ndinakhalapo nthawi yaitali ndi tsamba la Budget. Ntchito iliyonse, magetsi, madzi, zaumoyo, ili ndi kachingwe komwe umakokera pakati pa 50% ndi 150%. Ine ndinkaganiza kuti ukadula ndalama ndi theka, ntchitonso imatsika ndi theka. Si choncho. Malo a magetsi a malasha amapereka mamegawati 40 bajeti ikakhala pa 100%. Nditaitsitsa kufika pa 50%, ndinayamba kulipira 280 m'malo mwa 560, koma magetsi anatsika kufika pa mamegawati 10, gawo limodzi mwa magawo anayi. Pa 70% amatsala pafupifupi theka. Ndiye kuti pansi pa 100% umachulukitsa gawolo ndi ilo lomwe: theka la theka ndi kota. Ndinawerengera mtengo wa megawati imodzi. Pa 100% ndi 560 kugawa ndi 40, zomwe ndi 14. Pa 50% ndi 280 kugawa ndi 10, zomwe ndi 28. Ukakwezanso kufika pa 150% umalipira 840 n'kupeza mamegawati 50 okha, megawati imodzi pafupifupi 17. Magetsi otsika mtengo kwambiri ali pa 100% pomwepo.

Komabe poyamba kutsitsa kuli ndi nzeru yake. Tauni ikakhala ya nyumba zochepa ikugwiritsa ntchito mamegawati 7 kapena 8, kulipirira 40 ndi kutaya ndalama, ndipo 280 yopulumutsa pa sabata ndi yaikulu pamene msonkho usanayambe kulowa bwino. Ine ndinatsitsa, zinayenda. Cholakwa changa chinali kuiwala. Ndinagawa malo atsopano a mafakitale, ndinali busu ndi mphambano ina yomwe malole ankapanikizana, kenaka ndinangoona tizizindikiro ta mphezi tikuphethira pamwamba pa madenga, kuyambira mbali imodzi ya tauni. Pasanapite nthawi tizizindikiro ta madzi tinatulukanso. Ndinathamangira kukayang'ana mapaipi, onse anali bwinobwino. Vuto linali loti pampu imayendera magetsi, ndiye magetsi atachepa madzi nawo anaima. Nyumba zinayamba kusiyidwa mabwinja, msonkho unatsika, nambala laling'ono lija linafiira. Mankhwala ake anali kungobweza kachingwe pa 100%, chinthu cha masekondi asanu, koma anthu omwe anali atachoka anatenga masabata kuti abwerere. Tsopano ndisanagawe malo atsopano ndimatsegula kaye chithunzi cha magetsi n'kuona ngati muvi uli pobiriwira, ndipo ukayandikira pachikasu ndimakweza bajeti nyumba zisanamangidwe.

Za msonkho sindichulutsa. Umayambira pa 9%, ndipo pa 12% anthu amalipira osadandaula. Ukapyola pamenepo amayamba kung'ung'udza, ukaumirira amasamuka.

Ngongole ndiyo inandiphunzitsa kachiwiri phunziro lomwe lija. Yoyamba yomwe amakupatsa pa tsamba la Loans ndi 20,000, chiwongoladzanja 5%, kubweza m'masabata 52. Ndiye kuti ubweza 21,000, pafupifupi 404 pa sabata. M'tauni yachitatu ndinaitenga pamene ndinkataya kale 600 pa sabata, poganiza kuti ndapuma. Thumba linadzaza, koma kutaya kunakwera kufika pa 1,000 ndi kakusefukira, kutanthauza kuti 20,000 yonseyo ikanatha m'masabata 20 ngongole isanafike ndi theka lomwe. M'tauni yachinayi ndinatenga ngongole yomweyo pamene ndinali kupindula pafupifupi 900 pa sabata ndipo mizere yosonyeza kufunika kwa nyumba ndi mafakitale inali yodzaza. Ndinaiika yonse pa misewu ndi mapaipi a dera latsopano, popanda nyumba ya boma ndi imodzi yomwe. Msonkho wa dera limenelo unaposa 404 ija miyezi ingapo ya m'masewera isanathe.

Pali malire ake, ndipo ndikuwaona. M'masewera aliyense amalipira msonkho pa nthawi yake, mitengo siikwera, ndipo palibe ndalama zochokera ku boma lalikulu zomwe uyenera kudikira. Chipata weniweni, yemwe anakhala mzinda mu 2017, sayenda mophweka chotero. Koma ndikamatsika ndi njinga kupita ku Saturday Market n'kuona ngalande yatsopano m'mbali mwa msewu, mutu wanga umayamba wokha kufunsa kuti kumanja kwa tsamba kwalembedwa zingati, ndani adzachotsa mchenga m'menemo mvula ikayamba mu Novembala.

Tauni yachinayi ili ndi anthu opitirira 7,000 tsopano ndipo ikufuna sukulu ina ya sekondale. Ndalama zomangira zilipo kale m'thumba, koma ndikudikira kuti phindu la pa sabata lifike pa 2,000 ndisanaiike.