Anandidula msonkho koma masetifiketi mufayilo mulibe, mmene ndinayendera

Ife makontirakita ndalama sitimalandira yonse, kasitomala amadula kaye msonkho asanatilipire nkukapereka yekha ku bungwe la misonkho m'dzina lathu. Ndiye chaka chikatha ukamapanga ritani, fomu yowauza a misonkho ndalama zimene wapeza m'chakacho, ndalama anadula ija imayenera ichotsedwe pa msonkho omwe ukuyenera kulipira. Koma sangochotsa poti iwe wanena ayi, amafuna setifiketi yochokera kwa amene anakudulayo.

Ineyo mabuku anga amaonetsa kuti chaka chonse anandidula 1,300,000 koma masetifiketi amene anali mufayilo titawaphatikiza ndi akauntanti anangokwana 750,000 basi. 550,000 yopanda pepala. Akauntanti anandiuza mosabisa kuti achimwene, izizi tikangolemba chonchi akazikana ndipo mulipiranso kachiwiri ndalama yoti anakudulani kale. Zinandiwawa kwambiri chifukwa ndi thukuta langa limenelo.

Sindinathamangire kuimbira makasitomala, ndinayamba ndakhala pansi ndi mainvoisi onse ndi sitetimenti ya ku banki, invoisi iliyonse kuiyang'anitsa ndi ndalama imene inalowa. Apapa mpofunika kudekha chifukwa si ndalama yonse yoperewera imene ili msonkho. Invoisi ina inali ya 8,000,000, osawerengera vati, koma pa imeneyo kunalowa 6,800,000, kuperewera 1,200,000. Munthu utha kuganiza kuti yonseyo ndi msonkho, pomwe pa ntchito imeneyo amadula 5 pa 100 iliyonse yomwe ndi 400,000, ndipo 800,000 inayo inali ritenshoni, ija kasitomala amasunga 10 pa 100 kudikira aone ngati nyumba siing'aluka. Ritenshoni si msonkho, imeneyo amadzakubwezera kasitomala yemweyo, ukaiika pa ritani ngati msonkho wadziputira mafunso. Mlingo wodulira umasiyana kutengera dziko ndi mtundu wa ntchito nde onani wanu, musatengere wangawu.

Nditatero zinaoneka poyera kuti masetifiketi osowa ndi awiri, ya 400,000 ija ndi ina ya 150,000 pa invoisi ya 3,000,000 ya kasitomala wina.

Onse ndinawalembera kalata, osati foni yokha, pafoni aliyense amangoti tikutumizirani mawa. Mukalatamo ndinaikamo nambala ya invoisi, tsiku limene analipira, ndalama yonse, imene anadula, ndi nambala yanga ya msonkho, komanso ndinapempha umboni woti ndalamayo anakaperekadi. Umboni umenewu ndi umene unaulula zonse, chifukwa setifiketi kusowa sikuti nthawi zonse pepala langotayika, nthawi zina kumakhala kuti ku misonkho ndalamayo siikuoneka pa dzina lako nkomwe.

Woyamba uja anayankha msanga, ndalama anapereka ndithu ndipo lisiti anandionetsa, koma setifiketi itabwera ndinaona kuti pa nambala yanga ya msonkho manambala awiri anasinthana malo. Ndiye kuti 400,000 yanga inakakhala kwina. Kukonza ndi cholembera papepala sikuthandiza, ndipo ine sindikanatha kukonza ndekha, amene anadula ndi amene amayenera kukonza ritani yake ya mwezi umenewo kenako nkutulutsa setifiketi ina yolondola. Anachita zimenezo ndipo nditakafunsa sitetimenti ya akaunti yanga ya msonkho ndalama ija inali itaoneka.

Wachiwiriyu ndiye anandizunguza, lero akuti osayina kulibe, mawa akuti sisitimu yavuta, ndikapempha lisiti nkhani imasintha. Munthu amene anaperekadi sasowa lisiti, ukaona kuzembazemba kotere dziwa kuti anadula koma ndalama anaigwiritsa ntchito zina. Ndinatenga kontirakiti, invoisi, sitetimenti ya banki yoonetsa kuti pa 3,000,000 panalowa 2,850,000, ndi makalata onse amene ndinamulembera, nkukasiya ku ofesi ya misonkho ndi kalata yofotokoza, kope langa anandidindira. Udindo wokapereka ndalama yodulidwa ndi wa wodulayo, ndipo chilango chochedwetsa chimagwera iyeyo, nde nditamuuza kuti nkhani yafika kumeneko sanachedwenso, anakalipira.

Kungoti tsiku lomaliza kupereka ritani linafika setifiketi yakeyo isanatuluke. Sitinadikire, kuchedwetsa ritani kuli ndi chindapusa chakechake ndipo chimenecho chikanagwera ine. Tinalemba 1,150,000 imene inali ndi mapepala, 150,000 tinaisiya kaye, msonkho wotsala ndinalipira. Setifiketi itafika tinayang'ana kaye tsiku lodulira ngati likugwera m'chaka chomwecho, dzina, nambala ya msonkho ndi ndalama ngati zikufanana ndi invoisi, kenako akauntanti anapempha kukonza ritani ija nkuikapo 150,000 yotsalayo.