Mphindi 6 zimene ndinapatsidwa ku Sandton

Sabata yathayi ntchito ya masiku onse inayenda monga mukuidziwira anzanga oona za katundu wodutsa m'malire: kukonza mafomu a kasitomu a SAD 500, kutsata mathiraki ochoka ku depoti ya City Deep ku Joni, ndiponso kuyankha makasitomala a ku Blantyre ofuna kudziwa ngati katundu wawo wadutsa pa Beitbridge. Chimene chandilembetsa ndi cha Lachinayi, pamene ndinakhala m'gulu la oyankhula pa msonkhano wa zamtengatenga ku Sandton, ndipo mpaka lero mtima sunatsike.

Amene mukufuna kudziwika kudzera m'misonkhano yotere muyambe mwawerengera nthawi musanavomere. Gawo lathu linali la mphindi 45, oyankhula tinali asanu. Mukachotsapo mphindi 5 za malonje ndi 10 za mafunso a omvera, zimatsala 30, kutanthauza kuti aliyense ali ndi mphindi 6, zomwenso zimagawika m'mayankho atatu kapena anayi. Choncho simupita ndi nkhani yaitali ayi, mumapita ndi mfundo imodzi yomwe mungaifotokoze yonse m'mphindi ziwiri, ndipo ikhale yoti munthu wongowerenga za ntchitoyi sangainene.

Yanga inali ya satifiketi ya SADC yosonyeza kumene katundu anapangidwira, yomwe imathandiza kuti msonkho uchotseredwe. Thiraki ina inanyamuka muno, inadutsa bwinobwino pa Beitbridge, pa Nyamapanda ndi pa Zobue, koma inakaima pa Mwanza chifukwa nambala ya HS ya pa satifiketi, yosonyeza mtundu wa katundu, inasiyana ndi imene ejenti wa ku Malawi analowetsa mu ASYCUDA, pulogalamu ya pa kompyuta ya akasitomu. Manambala akasiyana chotero, akasitomu amakhala ndi chifukwa chokanira kuchotsera msonkho, ndiye mwini katundu amasankha pakati pa kulipira msonkho wonse ndi kudikira satifiketi yokonzedwa kuno ku Joni, uku mwini thiraki akuwerengera ndalama za tsiku lililonse limene yaima. Mankhwala ake ndi kutumiza satifiketi ndi invoisi kwa ejentiyo kuti afananitse manambala 6 oyambirira thiraki isanapakire.

Mfundoyi ndinatsala pang'ono kulandidwa ndi akuluakulu a kampani yathu yomwe. Ndinawapatsa zolemba zanga Lolemba, iwo anakhala chete mpaka Lachitatu madzulo, pamene anandiuza kuti lamulo la POPIA, loteteza zinsinsi za anthu, silindilola kukamba za kasitomala ndipo ndingonena za ubwino wa kampani. N'zoona kuti lamuloli limatetezanso makampani, osati anthu okha, koma nkhani yomwe mwachotsamo dzina, mtundu wa katundu ndi tsiku siulula aliyense. Tinakangana mpaka usiku asanavomere, ndipo zinandiwawa kuti anthu omwe amafuna dzina la kampani limveke ndi omwewo amene amafuna kunditumiza chimanjamanja.

Okonza msonkhano nawo anatikhumudwitsa. Mwambo wake ndi wakuti woyendetsa zokambirana amakumana ndi oyankhula kukadali masiku, ngakhale pa foni, kuti agawe mafunso ndi kuona kuti anthu awiri asanene chinthu chimodzi. Ife tinaonana naye koyamba pa masitepe okwerera ku nsanja. Maikolofoni yogwira m'manja inali imodzi kwa anthu asanu, ndipo woimira kampani imene inathandiza msonkhanowo ndi ndalama ataigwira anayankhula pafupifupi mphindi 14, woyendetsa osamudula ngakhale pang'ono, chifukwa palibe amene amadula mawu munthu amene walipira holo. Ndinkaona wotchi yofiira ya pansi pa nsanja ikutsika, mayi amene anakhala pambali panga akupindapinda pepala lake mpaka analiika m'chikwama.

Maikolofoni itandifika, funso linali lachisawawa, lokhudza tsogolo la malonda m'chigawo chino. Ndinaliyankha ndi chiganizo chimodzi, kenako ndinati tsogolo limenelo limaima pa Mwanza nambala imodzi ikalakwika, n'kufotokoza nkhani ya thiraki ija kuyambira vuto, chifukwa chake, mpaka chochita. Sindinatchule kampani yathu, popeza dzina lake linali kale pa sikirini kumbuyo kwanga.

Kuomba m'manja sikukuuzani kanthu, chifukwa aliyense amaomberedwa. Chizindikiro chakuti mwamveka ndi funso lobwera kwa inu ndi dzina, komanso munthu wokutsatirani ndi vuto lake lenileni. Pa nthawi ya tiyi anandipeza bambo wina wa ku Mzimba yemwe ali ndi mathiraki ku Germiston, anatsegula satifiketi pa foni yake n'kunena kuti, "Achimwene, tandionereni iyi, thiraki yanga inyamuka Loweruka." Manambala ake anali osiyanadi.

Lachisanu ndinalembera onse amene anandipatsa makhadi awo, aliyense ndikumukumbutsa funso lake, chifukwa sabata ikadutsa amakhala ataiwala nkhope yanu. Ndinalemberanso akuluakulu athu kuti ulendo wina zolemba zanga azivomereze kukadali sabata yathunthu, ndiponso okonza msonkhano kuti ndidzabweranso pokhapokha atanena pa kalata chiwerengero cha oyankhula, cha maikolofoni, ndi tsiku lokumana ndi woyendetsa zokambirana.