Sindinagulitsepo Mwana Aliyense

Popeza chithunzi chija chazungulira kale m'magulu onse a WhatsApp kuchokera pa Kamwendo mpaka ku boma la Mchinji, ndaona kuti ndi bwino ndifotokoze ndekha nkhaniyi, anthu ena asanaithire mchere wopitirira muyeso. Ine ndimaweta nkhumba, ndipo chimene ndinkafuna n'chakuti aliyense wotsegula tsamba langa la bizinesi pa Facebook azipeza pamwamba penipeni uthenga wonena zimene ndimagulitsa, kumene ndimapezeka, ndi mmene angaitanitsire. Kukhomerera uthenga pamwambapo si kovuta: mumadina timadontho titatu tija pakona ya uthengawo, n'kusankha "Pin post", basi umakhala pomwepo ngakhale mulembe mauthenga ena zana.

Koma ine ndinaleredwa bwino, ndipo kwathu munthu sayamba malonda asanapereke moni. Choncho ndinayamba ndi kulonjera makasitomala akale ndi atsopano, ndinathokoza Mulungu chifukwa cha moyo, ndinathokozanso makolo anga, kenaka ndinafika pa mutu wa nkhani ndi mawu akuti: "Tikugulitsa ana a nkhumba a miyezi iwiri, osiya kuyamwa." Chimene palibe anandiuza n'chakuti uthenga ukatalika, Facebook imaonetsa mizere yoyambirira yokha, yotsalayo n'kuibisa kuseri kwa mawu akuti "See more", ndipo pamene imadulira pamasiyana malinga ndi foni. Pa mafoni ambiri a anthu a kuno, mpeni unagwera pamalo oopsa, moti uthenga wanga unathera pa mawu akuti: "Tikugulitsa ana..."

Mwina zikanapepukako pakanapanda chithunzi. Nkhumba zinakana kuima malo amodzi kuti ndizijambule, choncho ndinaika chithunzi cha ana anga atatu ataima kutsogolo kwa khola, atavala zovala za kutchalitchi, atadzola mafuta mpaka nkhope kuwala, atandandalika kuyambira wamkulu mpaka wamng'ono monga muja timayalira tomato pamsika. Wamng'onoyo ankamwetulira ndi mtima wonse, osadziwa kuti bambo ake amuika pa malonda.

Ndikuuzeni kuti Amalawi sadina "See more". Amayamba ndi kuyankha. Wina anafunsa ngati wapakatiyo amadziwa kale kutsuka mbale. Wina anati akufuna awiri, ndimuchotsereko mtengo. Mnzanga amene tinaphunzira limodzi analemba kuti mavuto a sukulu fizi amawamvetsa, koma ndikanayamba ndagulitsa njinga. Ndinakwiya kwambiri ndi bambo wina wa ku Mkanda, amene anadinadi n'kuwerenga zonse, koma anabwerera kudzafunsabe ngati anawo "osiya kuyamwa" ali ndi makadi a kusikelo.

Kenaka foni inalira, ndipo anali apongozi anga aakazi, amene chikwatirireni mwana wawo sanandiimbirepo okha. Anandilonjera modekha, anafunsa za mvula, kenaka anati: "Apongozi, ngati zinthu zavuta, adzukulu angawo mungowabweretsa kuno kumudzi, nsima ilipo." Ine ndinaimirira, ngakhale kuti zinali za pafoni, ndipo ndinakhala ndikunena mawu akuti "nkhumba, amayi, nkhumba" mpaka mayunitsi awo anatha.

Kukonza kwake kunali kwa kanthawi kochepa, chifukwa pa timadontho tomwe tija pali "Edit post", ndipo uthengawo sutsika pamwamba mukaukonza. Moni yense ndinamuchotsa. Mzere woyamba tsopano umayamba ndi katundu ndi mtengo wake: nkhumba zazing'ono za mtundu wa Large White, za miyezi iwiri, mtengo wakutiwakuti pa imodzi, komanso mwezi umene ndalemba mtengowo, popeza uthenga wokhomerera umakhalitsa pamene mtengo wa gaga ukusintha. Mzere wachiwiri ukunena kuti ndimapezeka pa Kamwendo, m'boma la Mchinji, chifukwa poyamba ndinangolemba kuti "kuseri kwa chigayo", ngati kuti chigayo chilipo chimodzi m'Malawi muno. Mzere wachitatu uli ndi nambala imodzi yokha ya foni, nthawi yoimbira, ndi kuti munthu angalipire kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba akaona dzina langa potumiza. Ndinawonjezeranso kuti wogula aziimba asanabwere ndipo sadzalowa m'khola, chifukwa chigodola cha nkhumba chimayenda ndi nsapato za alendo ndipo chikalowa chimasesa khola lonse. Ndisanakhulupirire maso anga, ndinabwereka foni ya mkazi wanga ndi ya woyandikana naye nyumba kuti ndione pamene uthengawo ukudukira.

Nkhumba zonse zinagulidwa, ngakhale kuti theka la ogulawo linabwera kudzaona nkhope yanga. Mwana wanga wamkulu akufunsabe kuti pa atatuwo ndinamuikira mtengo wanji iyeyo, ndipo ndamuuza kuti akafunse amayi ake.