Ndinafufuta apu, koma nkhope yanga inatsala momwemo

Kutatsala miyezi iwiri kuti tichite chinkhoswe, msuweni wanga wa ku M'baluku anandipeza pa depoti ya maminibasi pa Mangochi boma nkundionetsa foni yake. "Achemwali, awa si inu?" Ndinali ine ndithu, pa chithunzi chomwe ndinajambulitsa pamchenga ku Makawa, ndipo pansi pake panali dzina langa ndi zaka zanga. Apu yopezera zibwenzi ija ndinali nditaichotsa mufoni kalekale, kungoidina kwa nthawi nkusankha Uninstall, nkumaganiza kuti nkhani yatha. Pomwepo ndinakumbukiranso mameseji a kubanki omwe ankabwera mwezi ndi mwezi, onena kuti khadi langa la Visa ladula ndalama. Ndinkangowadumpha poganiza kuti ndi ndalama zomwe banki imadula yokha.

Kuchotsa apu mufoni kuli ngati kuchoka m'nyumba ya lendi osatsanzika. Katundu wako ali momwemo ndipo lendi ikuwerengedwabe. Pulofayilo, malipiro a mwezi ndi zithunzi ndi zinthu zitatu zosiyana, chilichonse chili ndi khomo lake, ndipo pofunika kusamala ndi poyambira. Ukayamba ndi kufufuta akaunti, malipiro omwe unalembetsa kudzera pa Google Play samaima ayi, chifukwa amene amadula ndalamayo ndi Google, osati apuyo. Komanso ukafufuta akaunti sungalowenso kuti uone zithunzi zomwe unaikamo.

Choncho ndinayamba ndi ndalama. Ndinatsegula Play Store, kudina kachithunzi kanga kumwamba kudzanja lamanja, kusankha Payments & subscriptions, kenako Subscriptions. Munalibe kanthu. Apa mpomwe ndinataya madzulo onse. Ndinayamba kuganiza kuti mwina wina waba nambala ya khadi langa, mpaka ndinafuna kukalitseketsa mawa lake. Chinandipulumutsa ndi lisiti. Ukagula chinthu pa Google Play amakutumizira imelo yokhala ndi nambala yoyamba ndi GPA. Ndinafufuza zilembo zitatuzi mu Gmail yomwe ndimagwiritsa ntchito masiku ano, osapeza kanthu. Kenako ndinakumbukira kuti mufoni muli imelo ina yakale, yomwe mnyamata wokonza mafoni ananditsegulira nditangogula foniyo. Malisiti onse anali mmenemo, atandandalika mwezi ndi mwezi. Nditasintha akaunti mu Play Store nkupita ku yakaleyo, apu ija inaonekera pa Subscriptions, pamodzi ndi tsiku lodzadulanso ndalama.

Ndinadina Cancel subscription. Anandifunsa chifukwa, ndinasankha chilichonse, nkutsimikizira. Chizindikiro choti zathekadi nchakuti pamalo pomwe panalembedwa tsiku lodula ndalama pamabwera tsiku lomwe malipirowo athere, ndipo imelo yotsimikizira imafika. Ndinajambula sikirini nkusunga. Ndalama za mwezi umenewo sizinabwerere, chifukwa kuletsa kumangoimitsa zamtsogolo. Masiku omwe unalipira kale amakhalabe ako mpaka atha. Musadikire tsiku lomaliza. Ndi bwino kuletsa kukadali tsiku lathunthu kapena kuposerapo. A iPhone njira yawo ndi Settings, kudina dzina lawo pamwamba, kenako Subscriptions. Ngati munalemba nambala ya khadi mu apu momwemo kapena pa webusayiti yake, ku Play Store simupezako kanthu, muyenera kuletsa mu Settings ya apuyo musanafufute akaunti.

Tsiku lotsatira ndinagula bandulo nkuikanso apu ija, mtima ukukana. Polowa panali msampha wina. Inandifunsa ngati ndilowe ndi nambala ya foni, ndi Google kapena ndi Facebook. Ndinasankha Google, ndipo inayamba kundifunsa dzina ndi tsiku lobadwa ngati mlendo. Mukaona zimenezi bwererani msanga, chifukwa mukutsegula akaunti yachiwiri, yakale ija ikadali chikhalire. Ine ndinalembetsa ndi nambala ya foni, ndipo mwayi wanga simu khadi imeneyo ndinali nayobe. Nambala yachinsinsi inabwera pa meseji, ndinalowa, nkukumana ndi zithunzi zanga zisanu ndi mameseji a anthu osawadziwa.

Ndisanakhudze chilichonse ndinajambula sikirini ya pulofayilo yonse, kuti ndikhale ndi umboni wa zomwe ndikupempha kuti zichotsedwe. Kenako ndinachotsa zithunzi chimodzichimodzi. Chomaliza chinakana, poti apuyo simalola pulofayilo yopanda chithunzi, ndiye ndinajambula khoma la kuchipinda nkuika m'malo mwake. Mawu odzifotokoza ndinafufutanso.

Batani la Delete account linali pansi penipeni pa Settings. Nditalidina, anandinyengerera kuti ndingobisa pulofayilo kwa kanthawi, ndipo batani lobisalo linali lalikulu, lowala, pomwe lofufuta linali timalemba tating'ono. Kubisa kumasunga zonse, zithunzi ndi macheza omwe. Kutuluka ndi Log out nakonso sikufufuta kanthu. Ndinakakamira pa kufufuta mpaka uthenga unabwera woti akaunti yachotsedwa.

Zithunzi ndiye zinafuna kalata. Kuchoka pamaso pa anthu sikutanthauza kuti zachoka m'makompyuta a kampani. Mu Privacy Policy yawo analembamo kuti amasunga zinthu zina kwa miyezi ingapo akaunti itatsekedwa, pofuna kufufuza anthu achinyengo ndi ozunza anzawo, ndipo zamalipiro amasunga nthawi yaitali kuposa apo. Momwemonso ndinapeza adiresi ya imelo yolandirira madandaulo otere. Njira ina ndi tsamba la apuyo mu Play Store, pa gawo la Data safety, pomwe amaonetsa mmene ungapemphere kuti zako zifufutidwe.

Kalata yanga inali yaifupi, ya m'Chingerezi. Ndinatchula nambala ya foni yomwe ndinalembetsera, dzina la pa pulofayilo, tsiku lomwe ndinafufuta akaunti, ndi kuti ndikufuna zithunzi zonse zichotsedwe, kuphatikizapo cha nkhope chomwe anandijambulitsa potsimikizira kuti ndine munthu weniweni. Chimenechi ambiri amachiiwala chifukwa sichioneka pa pulofayilo. Ndinatchulanso lamulo lathu la Data Protection Act la 2024, lomwe limapatsa munthu ufulu wopempha kuti zokhudza iye zifufutidwe, ndipo bungwe loyang'anira lamuloli ndi MACRA. Sindinadzinamize kuti kampani ya kutsidya kwa nyanja injenjemera, koma kalata yotchula lamulo ndi tsiku imaoneka kuti mwini wake sakuseka. Ndinawapempha kuti andiyankhe molemba. Yankho loyamba linali lokonzeratu, longondiuza mmene ndingafufutire akaunti, chinthu chomwe ndinali nditachita kale. Ndinayankha pa imelo yomweyo, osayamba ina, kuti nambala ya dandaulo isasinthe. Lachiwiri linatsimikiza kuti pempho lalandiridwa ndipo zithunzi zidzachotsedwa nthawi yosunga ija ikatha.

Pali malire omwe kalata singadumphe. Aliyense amene anajambula sikirini ya pulofayilo yanga ali nacho chithunzicho mufoni mwake, ndipo kampani ilibe dzanja lofikira kumeneko. Msuweni wanga yemweyo anali nacho, ndipo ndinamuimirira mpaka anachifufuta, ndi mu WhatsApp momwe anatumizira mkazi wake.

Patatha sabata ndinamupempha kuti ayang'anenso mu apu yake, ataika zaka zanga ndi mtunda waufupi kuchokera pa boma. Anapsontha mpaka anthu anatha, ine osandipeza. Tsiku lomwe ankadula ndalama litafika ndinakhala tcheru ndi foni kuyambira m'mawa, ndipo meseji ya kubanki sinabwere. Funso loti msuweni wanga wokwatira ankafunamo chiyani mu apu imeneyo ndalisungira tsiku lina.