Maatomu onse analipo, koma yankho linali lolakwika

Funso limodzi la kemisitiri landivutitsa milungu iwiri yathunthu, ndipo dzulo usiku ndi pamene ndaona pomwe ndinkagwera. Ndili kwathu ku Kasungu kuno pa holide, mayeso obwereza ayandikira. Magetsi anali atazima, ndiye ndinakhala pakhonde ndi katochi ka pafoni, udzudzu ukundimaliza m'miyendo. Nditaliona vutolo ndinaseka ndekha mpaka amayi anafunsa ali m'nyumba kuti, "Kodi ukuyankhula ndi ndani kunjako?"

Funsolo ndi lija la taitireshoni lomwe tonse tikulidziwa. Mwatenga 25.0 cm³ ya madzi okhala ndi Fe²⁺, mwathiramo asidi wa salifiyuliki wokwanira, kenako mukudontheza potaziyamu pemanganeti wa 0.0200 mol/dm³ kuchokera mu byureti. Mtundu wa pinki wotuwa waonekera n'kukhazikika mutathira 22.50 cm³. Pezani kuchuluka kwa Fe²⁺ mu mol/dm³. Mamolo a pemanganeti sanandivutepo: 0.0200 × 22.50 ÷ 1000 zikupereka 4.50 × 10⁻⁴. Ine ndinkati mamolo a Fe²⁺ ndi omwewonso, ndikugawa ndi 0.0250, n'kupeza 0.0180. Kumapeto kwa pepala analemba 0.0900. Ndinabwereza pa kakyuleta kangapo konse, mpaka ndinayamba kukhulupirira kuti amene anataipa mayankho ndiye analakwitsa.

Chinandipusitsa n'chakuti ikweshoni yanga ndinali nditaibalansa, kapena ndinene kuti ndinkaganiza choncho. Ndinalemba motere:

MnO₄⁻ + 8H⁺ + Fe²⁺ → Mn²⁺ + Fe³⁺ + 4H₂O

Tawerengani nokha. Mn mmodzi uku, mmodzi uko. Okosijeni anayi mbali zonse, haidirojeni asanu ndi atatu mbali zonse, Fe mmodzi mmodzi. Palibe atomu yosowa ngakhale imodzi. Kuyambira ku sekondale tinazolowera kuti maatomu akafanana basi ntchito yatha, ndipo pa maikweshoni opanda machaji zimathekadi. Koma pano pali machaji, ndipo ine sindinawawerengepo n'kamodzi komwe. Dzulo ndinangoti ndiwaphatikize mongoseweretsa cholembera. Kumanzere: −1, +8 ndi +2, zonse pamodzi +9. Kumanja: +2 ndi +3, ndiye kuti +5. Uku 9, uko 5. Ikweshoni yomwe ndinkaidalira milungu iwiri inali yabodza, chifukwa chaji sichingangosowa m'fulasiki ngati nthunzi.

Apa m'pamene njira ya mahafu, ija yogawa ikweshoni pawiri, hafu yolandira maelekitironi ndi hafu yopereka, inandilowa m'mutu. Kale ndinkaiona ngati mwambo chabe womwe aphunzitsi amafuna kuti tizilemba kuti tipeze malikisi. Kani ntchito yake ndi kukukakamiza kuwerenga maelekitironi poyera, aliyense aoneke komwe wachokera ndi komwe wapita.

Mumayamba ndi pemanganeti payekha, Fe mwamuika kaye pambali. MnO₄⁻ akusanduka Mn²⁺. Manganizi ali bwino kale, mmodzi mbali iliyonse. Okosijeni anayi aja ayenera kupita kwinakwake, ndipo m'madzi a asidi amathera m'madzi, choncho mumaika 4H₂O kumanja. Madziwo abweretsa haidirojeni asanu ndi atatu, ndiye mumaika 8H⁺ kumanzere. H⁺ ameneyu simukumupeka ayi, ndi asidi uja munathira m'fulasiki. Tsopano chaji: kumanzere −1 ndi +8 zikupanga +7, kumanja kuli +2 yekha poti madzi alibe chaji. Kuti 7 atsike kufika pa 2 pakufunika maelekitironi asanu, ndipo amaikidwa mbali yomwe chaji chakwera, kumanzere.

MnO₄⁻ + 8H⁺ + 5e⁻ → Mn²⁺ + 4H₂O

Hafu inayo njachidule.

Fe²⁺ → Fe³⁺ + e⁻

Nditaika mizere iwiriyi umodzi pamwamba pa unzake, nkhani yonse inali pamaso panga. Pemanganeti mmodzi akufuna maelekitironi asanu. Fe²⁺ mmodzi angapereke imodzi yokha basi. Ndiye anayi otsalawo achokera kuti? Payenera kubwera ma Fe²⁺ asanu kuti pemanganeti mmodzi akhute. Ndinakumbukira kope la banki m'khonde lomwe amayi amasunga: tsiku la msonkhano ndalama zomwe anthu aponya ndi zomwe ena abwereka pamodzi ndi zotsala m'bokosi zimayenera kugwirizana, apo ayi palibe amene anyamuke pamphasa. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno kulibe bokosi. Maelekitironi sangatsale akuyandama m'madzi, onse operekedwa ayenera kulandiridwa nthawi yomweyo. Choncho hafu ya Fe mumaichulukitsa kasanu, n'kuphatikiza mahafu awiriwo, 5e⁻ wa uku n'kufafanizana ndi 5e⁻ wa uko.

MnO₄⁻ + 8H⁺ + 5Fe²⁺ → Mn²⁺ + 5Fe³⁺ + 4H₂O

Ndinawerenganso chaji, mtima uli m'mwamba. Kumanzere −1, +8 ndi +10 zikupanga +17. Kumanja +2 ndi +15, +17 yemweyo. Kubwerera ku mamolo tsopano kunali ngati kutsetsereka pa njinga: 4.50 × 10⁻⁴ kuchulukitsa ndi 5 ndi 2.25 × 10⁻³, kugawa ndi 0.0250 dm³, yankho 0.0900 mol/dm³. Wotaipa uja sanalakwe kanthu. Masamu anga onse analinso olondola kuyambira pachiyambi, kungoti ndinawamanga pa 1:1 m'malo mwa 1:5.

Chomwe chikundipweteka n'chakuti chizindikiro chinalipo nthawi yonseyi. Gawani 0.0900 ndi 0.0180, mupeza 5 ndendende. Yankho lanu likasiyana ndi lolondola mwa nambala yoyera chonchi, kasanu, kawiri, katatu, musavutike ndi kakyuleta. Kulakwitsa kwa kakyuleta kawirikawiri kumabweretsa nambala zosokonekera kapena kusuntha kadontho. Nambala yoyera imaloza ku ikweshoni.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mumakonda njira ya manambala a okosideshoni. Mnzanga wina wa ku Mchinji yemwe timaphunzira limodzi amangoyang'ana n'kunena kuti Mn wachoka pa +7 wafika pa +2, ndiye asanu, basi watha. Zoona, n'zachangu. Koma ine ndinene mosabisa, njira imeneyo ndi ya anthu amene mitu yawo imagwira zinthu zambiri nthawi imodzi, ndipo pa mayeso mutu wanga sutero. Njira ya mahafu siikupempha kuti ukumbukire kanthu kupatula dongosolo lake: atomu yomwe ikusinthayo poyamba, kenako okosijeni ndi madzi, kenako haidirojeni ndi H⁺, maelekitironi pomalizira. Panopa ndikuona ngati palibe ikweshoni ya ridokisi, ya mtundu uwu wopatsirana maelekitironi, yomwe ingaikanike. Mwina ndi chimwemwe cha tsiku limodzi chikundiyankhulitsa.

Ndinaiyesa pa daikirometi usiku womwewo, batire ya foni itatsala pang'ono kutha, ndipo inandigwira pomwe ndikanagweranso. Cr₂O₇²⁻ ali ndi makiromiyamu awiri, ndiye musanakhudze okosijeni muyenera kulemba 2Cr³⁺ kumanja. Okosijeni asanu ndi awiri akupereka 7H₂O, madziwo akufuna 14H⁺. Chaji kumanzere ndi −2 ndi +14, zomwe ndi +12, kumanja ndi +6. Maelekitironi ndi 6.

Cr₂O₇²⁻ + 14H⁺ + 6e⁻ → 2Cr³⁺ + 7H₂O

Wothamanga ndi manambala a okosideshoni amaona kiromiyamu akuchoka pa +6 kufika pa +3, n'kulemba 3, kuiwala kuti makiromiyamuwo ndi awiri. Akatero amapeza 1:3 m'malo mwa 1:6, ndipo yankho lake la Fe²⁺ limatuluka theka la lolondola. Ndinamutumizira mnzanga uja funsoli m'mawa uno osamuuza kanthu. Anayankha kuti, "Ndi 6 aise, ukundiyesa?" Chabwino, iyeyo sanagwe. Ine ndikanagwa.

China chomwe chatseguka chifukwa cha 8H⁺ uja ndi nkhani ya asidi. Ku labu tinkangouzidwa kuti thirani salifiyuliki wambiri, ife n'kumathira ngati tikuthirira ndiwo mchere. Tsiku lina gulu lathu linathira wochepa poti botolo linali limodzi kalasi yonse, ndipo m'malo moti mtundu wa pepo uzisowa bwinobwino, m'fulasiki munachita bii, timatope tofiirira ngati madzi a pachithaphwi. Tinangouzidwa kuti tayani muyambirenso. Tsopano ndikumvetsa kuti timatope tija tinali MnO₂. H⁺ akachepa, manganizi safika pa Mn²⁺, amaima pa +4, kutanthauza kuti walandira maelekitironi atatu okha m'malo mwa asanu. Zikatero 1:5 uja sagwiranso ntchito, ndipo nambala yomwe mwawerenga pa byureti ilibe phindu ngakhale munadontheza mosamala chotani. N'chimodzimodzinso ndi mtundu wa asidi. Haidirokuloriki sayenera chifukwa pemanganeti amatha kulanda maelekitironi kwa Cl⁻ n'kutulutsa kulorini, ndiye mumathira pemanganeti wambiri kuposa amene Fe²⁺ amafuna. Naitiriki naye amalanda yekha maelekitironi kwa Fe²⁺ pemanganeti asanafike. Salifiyuliki wosungunula amangopereka H⁺ osalowerera za maelekitironi.

Zonsezi zikanatheka kunenedwa m'mphindi khumi. Koma mutu wa ridokisi tinaupatsidwa sabata yomaliza ya semesita, aphunzitsi akuthamangira kumaliza silabasi. Analemba ikweshoni yomalizidwa kale pabolodi, 5 ali pamalo pake, n'kunena kuti izi munaphunzira ku sekondale. Kusekondale komwe ndinachokera ine pemanganeti tinkangomumva dzina, labu inali chipinda chosungiramo madesiki othyoka. Sindikuwada, kalasi inali yodzaza ndipo nthawi inalidi itatha. Komabe mawu amodzi okha akuti "werenganinso chaji" akanandipulumutsa ku mayeso obwerezawa, ndi ndalama ya basi yomwe bambo akuyenera kuisakanso.

Masana ano ndayesa okizaleti ndi pemanganeti, komwe hafu ina ikupereka maelekitironi awiri pamene inayo ikufuna asanu. Zonse mumazifikitsa pa 10, n'kupeza 2:5, ndipo zatheka koyamba komwe. Chomwe sichinakhazikike m'mutu mwanga ndi maikweshoni a m'madzi a alikali. Akuti ubalanse ngati muli asidi, kenako uthire OH⁻ mbali zonse kuti H⁺ asanduke madzi. Ndayesa kamodzi, machaji agwirizana, koma mumtima ndikumva ngati ndabera, poti ndayamba ndi H⁺ yemwe m'madzimo ali wochepetsetsa. Kaya ndi njira yongowerengera chabe, kaya pali china chomwe sindinachione. Ndiponso dzulo ndinali ndi usiku wonse. Pa mayeso funso lotere adzalipatsa mphindi zochepa, ndipo sindikudziwa ngati dzanja langa silidzathamangiranso ku mamolo ndisanawerenge chaji.